Eni nyumba agulitsa nyumba lendi yanu isanathe: mafunso ndi mayankho kwa alendi a mu Blantyre

Tsamba lino ndi la munthu amene anagwirizana ndi eni nyumba kukhala nthawi yodziwika, kaya chaka chimodzi kaya zaka ziwiri, kenako ali pakati akumva kuti nyumba yagulidwa. Mwachidule, kugulitsa pakokha sikuthetsa lendi. Chimene chimathetsa lendi nthawi zambiri ndi ndime imene munasainira nokha osaiwerenga, kapena ngongole ya lendi, kapena mantha.

Andiuza kuti nyumba yagulitsidwa, ndituluke pakutha pa mwezi. Kodi ndiyenera kutuluka?

Ayi, ngati chifukwa chake ndi chokhacho. Pamene munapangana zokhala mpaka tsiku lakutilakuti, eni nyumba anakupatsani ufulu wokhala m'nyumbamo kwa nthawi yonseyo, ndipo sangaugulitsenso kwa munthu wina popeza ufuluwo suli m'manja mwawo. Chimene akugulitsa ndi umwini wa nyumba, mphamvu yolandira lendi, ndi mphamvu yodzaitenga nyumbayo nthawi yanu ikadzatha. Wogula amakhala landilodi wanu watsopano pa mfundo zomwe zija: lendi yomweyo, tsiku lolipira lomwelo, tsiku lothera lomwelo.

Pa malo amene ali ndi taito, lamulo la malo olembetsedwa la 1967 likunena zimenezi poyera. Gawo 27 limatchula maufulu amene amatsatira malo ngakhale sanalembedwe m'kaundula, ndipo pakati pawo pali lendi yosapitirira zaka 3 komanso ufulu wa munthu amene akukhaladi pamalopo. Wogula sanganene kuti "ine ndinayang'ana m'kaundula sindinaonemo dzina lanu." Lamulo limayembekezera kuti afike pa nyumbayo, aone kuti muli anthu, afunse kuti akukhala pa mgwirizano wotani.

Pamenepa pali msampha. Ngati wogula wabwera kudzakufunsani inu n'kubisa, kapena n'kumuyankha kuti "ife timangokhala mwezi ndi mwezi" chifukwa eni nyumba anakupemphani kuti munene choncho, mwafooketsa chitetezo chanu ndi pakamwa panu. Wogula akafunsa, muuzeni tsiku limene lendi ikutha, mumuonetse pepala, ndipo madzulo ake mumutumizire uthenga wobwereza zomwe mwamuuza kuti pakhale umboni.

Ndiyambire pati?

Tulutsani pepala la mgwirizano muwerenge ndime iliyonse, makamaka za kumapeto zimene anthu ambiri amazidumpha. Mukufuna zinthu zitatu.

Choyamba ndi ndime ya notisi. Mapepala ambiri amene akuyenda mu mzinda muno, a ku maofesi obwereketsa nyumba ngakhalenso ongokopera kwa mnzako, amalemba pamwamba kuti lendi ndi ya zaka ziwiri, koma pansi n'kuwonjezera kuti mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano itapereka notisi ya mwezi umodzi kapena itatu. Ngati ndime imeneyi ilimo, zaka ziwiri zija sizolimba monga mmene mumaganizira. Eni nyumba akale akhoza kuigwiritsa ntchito asanagulitse, wogulanso akhoza kuigwiritsa ntchito atagula. Chimene mungaumirire pamenepo ndi chakuti notisiyo itsate ndendende zimene ndimeyo ikunena. Ngati ikuti miyezi itatu yolembedwa, foni ya usiku yoti "mutuluke pa 30" si notisi. Ngati ikuti notisi ithere kumapeto kwa mwezi, kalata yoti mutuluke pa 15 ndi yolakwika, ndipo masiku ayenera kuyamba kuwerengedwa mwatsopano akabweretsa yoyenera.

Chachiwiri ndi ndime yonena za kugulitsa kwenikweniko. Ena amalemba kuti nyumba ikagulitsidwa lendi idzatha pakapita masiku akutiakuti. Ngati munasaina zimenezo, zimakumangani.

Chachitatu ndi ndime yokomera inu, monga yoti mudzakhala woyamba kufunsidwa nyumba ikamagulitsidwa, kapena yoti muli ndi ufulu wowonjezera nthawi lendi ikatha. Ndime zotere sizipezeka kawirikawiri, koma zikakhalapo zimasintha kukambirana konse.

Ngati pa pepala lanu palibe ndime ya notisi kapena ya kugulitsa, ndipo lendi mukulipira pa nthawi yake komanso mukusunga mfundo zina za mgwirizano, kugulitsa pakokha sikungakuchotseni tsiku lothera lisanafike, pokhapokha mutavomera nokha.

Lendi yanga ndi ya zaka 5, ya shopu ku Limbe. Ndi chimodzimodzi?

Si chimodzimodzi, ndipo pano m'pamene amalonda amapwetekera. Lendi yopitirira zaka 3 pa malo a taito iyenera kulembedwa pa fomu yake ndi kulembetsedwa ku ofesi ya kaundula wa malo. Zaka zowonjezera nazonso zimawerengedwa: ngati munapangana zaka 2 ndi ufulu wowonjezera zina 2, zonse pamodzi ndi 4, ndiye kuti yafika pofunika kulembetsa. Yolembetsedwa imaoneka m'kaundula ndipo aliyense wogula amagula akuidziwa. Yosalembetsedwa imakhalabe pangano pakati pa inu ndi eni nyumba akale, koma kwa wogula mumadalira kwambiri mfundo ija yoti mukukhala pamalopo ndipo simunabise kanthu. Mfundo imeneyo ndi yothandiza, koma ndi yokakanganirana kukhoti, osati yongoonetsa pepala basi.

Ngati mwamva mphekesera za kugulitsa taito isanasinthe dzina, thamangani. Pitani ku ofesi ya za malo ndi nambala ya taito kapena ya puloti, mupemphe kuona kaundula kuti mudziwe dzina la mwini wake komanso ngati banki inakolapo ngongole. Kenako loya akuthandizeni kuikapo chenjezo. Chenjezo limalembedwa m'kaundula kusonyeza kuti muli ndi gawo pa malowo, ndipo limaimitsa kulembetsa kulikonse kosemphana nalo kufikira litachotsedwa. Musaliike pongofuna kuwawitsa eni nyumba mtima, chifukwa woika chenjezo popanda chifukwa chomveka akhoza kulipitsidwa zimene ena ataya.

Nanga ife a ku Mbayani, ku Ntopwa kapena m'kati mwa Ndirande, kumene nyumba ilibe taito ndipo tinangogwirizana pakamwa?

Kumeneko nyumba imagulitsidwa ndi kalata ya pamanja, mboni ziwiri zitatu ndi chidindo cha amfumu, kapena posintha dzina ku khonsolo ngati puloti ili m'madera amene khonsolo ya mzinda imayang'anira. Kaundula woti muikemo chenjezo nthawi zambiri kulibe. Komabe mfundo yoti wogula amapeza mlendi ndi pangano lake siifa. Vuto ndi umboni. Mukanena kuti munapangana chaka, eni nyumba adzati munapangana mwezi ndi mwezi, ndipo ngati mumalipira pamwezi popanda chilichonse cholembedwa, zimaoneka ngati iwo ndiwo akunena zoona. Lendi ya mwezi ndi mwezi imatha ndi notisi ya mwezi wathunthu.

Sonkhanitsani chilichonse chosonyeza nthawi imene munapangana: kope limene mumasainirana, uthenga wa pa foni woti "ndalandira ya miyezi sikisi", mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, dobadoba amene anakupezerani nyumba, mnansi amene analipo tsiku lolowa. Miyezi imene munalipira kale ndi imene imatetezeka mosavuta. Pitani kwa amfumu kugulitsa kusanathe, muwauze kuti muli m'nyumbamo ndipo munalipira mpaka mwezi wakuti, chifukwa iwo ndiwo adzachitire umboni malondawo ndipo akhoza kulembetsa zimenezi m'kalata yogulitsira. Amfumu amayanjanitsa, koma alibe mphamvu yolamula kuti katundu wanu atulutsidwe panja.

Lendi ndizilipira kwa ndani tsopano?

Pitirizani kulipira eni nyumba akale kufikira mutalandira kalata yochokera kwa iwo, yosainidwa, yonena kuti nyumba yapita kwa uje kuyambira tsiku lakuti ndipo lendi izipita ku akaunti yakuti. Munthu wachilendo akangofika pageti n'kunena kuti "ndine ndagula, muzindipatsa ine," musamupatse. Mwina wangopereka theka la ndalama, mwina malondawo adzalephereka, mwinanso ndi wakuba. Koma kalata yoona ikangofika, musalipirenso akale, chifukwa mukatero wogula ali ndi ufulu wokuitanitsani ndalama yomweyo kachiwiri.

Awiriwo akamakangana, aliyense akuti ndalama ndi yake, alembereni onse kalata imodzi yonena kuti lendi ilipo ndipo muipereka akakuuzani pamodzi woilandira. Isungeni payokha, ku banki kapena kwa loya, osaidya. Chimene sitikufuna kuti muchite ndi kungosiya kulipira chifukwa cha mkwiyo. Mlendi wopanda ngongole ndi wovuta kumuchotsa, koma mukangotsalira mwezi umodzi mwawapatsa chifukwa chimene analibe, ndipo akhoza kukutumizirani masherifu kudzalanda katundu.

Ndinalipiratu miyezi ingapo kwa eni nyumba akale. Wogula akuti iye sanalandire kalikonse.

Zimatengera chifukwa chimene munalipiriratu. Ngati mgwirizano ukunena kuti lendi imalipidwa miyezi itatu itatu patsogolo, monga zilili m'nyumba zambiri za ku Namiwawa, Chinyonga kapena Kanjedza, ndiye kuti munalipira pa tsiku lake kwa amene anali mwini wake nthawi imeneyo. Nkhani yatha, wogula akatenge gawo lake kwa wogulitsa.

Zimavuta pamene munalipira zopitirira zimene pepala likunena. Tinene kuti mgwirizano ukuti muzilipira pamwezi, koma eni nyumba anabwera akudandaula za fizi ya mwana, inu n'kuwapatsa ya chaka chonse. Ndalama yotereyi wogula akhoza kunena kuti inali ngongole imene munabwereketsa munthu, osati lendi yolipidwa pa tsiku lake, n'kuyamba kufuna yake mwezi uliwonse. Choncho eni nyumba amene ayamba mwadzidzidzi kupempha lendi ya miyezi yambiri, kwinaku anthu achilendo akubwera kudzazungulira mpanda, muwachenjerere. Ngati munapereka kale, muonetseni wogula lisiti malonda asanathe, kuti ndalamayo aichotseretu pa mtengo wa nyumba.

Dipoziti yanga adzabweza ndani?

Amene anailandira ndiye ali ndi ngongole yanu, pokhapokha ataipereka kwa wogula ndipo wogulayo n'kuvomera. Alendi ambiri amataya dipoziti pamenepa: lendi ikatha wogula amati sanaionepo, wogulitsa anasamukira ku Lilongwe ndipo nambala yake sikugwira. Konzani nkhaniyi sabata yomwe mwamva za malonda. Pemphani chimodzi mwa ziwiri: akubwezereni dipoziti kuti muipereke nokha kwa wogula ndi kulandira lisiti yatsopano, kapena atatu nonse musaine kapepala konena kuti wogula walandira dipoziti ya ndalama zakuti ndipo adzabweza ndiye. Tsiku lomwelo jambulani nyumba yonse, makoma, siling'i, mawindo, matailosi, mipope, kuti ming'alu imene munaipeza isadzadulidwe pa ndalama yanu ndi munthu amene sanaone mmene nyumba inalili.

Funsaninso za bilu ya madzi ya Blantyre Water Board ndi mita ya ESCOM. Lembani manambala a pa mita tsiku losinthana umwini, ndipo ngati akaunti ili ndi ngongole yakale imene si yanu, inenedwe wogulitsa asanalandire ndalama yake yomaliza.

Wogula akufuna kukhalamo yekha ndipo akundipempha kuti ndichoke msanga. Ndingapemphe chiyani?

Ili ndiye funso limene limapindulitsa kwambiri. Wogula amene akufuna nyumba yopanda munthu, pamene inu muli ndi miyezi yotsala, akufuna kugula chinthu chanu, ndipo mtengo wake mumakambirana. Kupita kukhoti kungamutengere nthawi yaitali kuposa miyezi yotsalayo, ndiye kawirikawiri amalolera kulipira.

Tiyeni tiwerengere pa chitsanzo, ndalama zake ndi zongoyerekezera. Mayi wina akuchita lendi nyumba ya zipinda zitatu ku Kanjedza pa K400,000 pamwezi, kuyambira pa 1 Epulo 2025 mpaka pa 31 Malichi 2027. Amalipira K1,200,000 miyezi itatu iliyonse, anapereka dipoziti ya K400,000, ndipo pepala lawo lilibe ndime ya notisi. Pa 1 Julayi 2026 alipira mpaka pa 30 Sepitembala. Pa 15 Ogasiti nyumba igulidwa, wogula akuti akufuna makiyi pa 31 Ogasiti.

Akachoka tsiku limenelo ataya miyezi 7, kuyambira Sepitembala mpaka Malichi. Nyumba yofanana nayo m'dera lomwelo, kuti ana asasinthe sukulu, aipeza pa K520,000. Kusiyana kwake ndi K120,000 pamwezi, kuchulukitsa ka 7 ndi K840,000. Lole ndi anyamata onyamula katundu tinene K150,000, dobadoba K100,000. Zimenezi pamodzi ndi K1,090,000, ndipo ndiyo ndalama ya chipepeso yoyambira kukambirana. Pambali pa iyo pali ndalama zimene ndi zawo kale: lendi ya Sepitembala imene analipira koma sadzakhalamo, K400,000, ndi dipoziti, K400,000. Zonse zikwana K1,890,000. Ambiri amasokoneza pamenepa, wogula akanena kuti "ndikupatsani K800,000 muchoke," iwo n'kusangalala, osadziwa kuti angobwezeredwa ndalama zawo zomwe popanda chipepeso ngakhale tambala.

Ngati wogula alibe ndalama ya pamanja, njira ina ndi yogawana nthawi: mayiwo akhale mpaka pa 30 Novembala, miyezi iwiri yomaliza osalipira, kuti asonkhanitse ya nyumba yatsopano. Chilichonse chimene mwagwirizana chilembedwe, chikhale ndi tsiku lotuluka, ndalama, ndi mawu oti palibe amene adzafunenso kanthu kwa mnzake. Makiyi aperekedwe ndalama italowa, osati pa lonjezo la "mawa ndikutumizirani."

Nanga ine ndikafuna kuchoka chifukwa sindikumufuna landilodi watsopanoyu?

Mgwirizano umamanga mbali zonse. Monga wogula sangakuchotseni, inunso simungangonyamuka. Mukachoka popanda ndime ya notisi kapena chilolezo cholembedwa, akhoza kukuitanitsani lendi ya miyezi yotsala.

Angakweze lendi?

Ayi, kufikira nthawi itatha, pokhapokha pepala lili ndi ndime yokweza, ndipo ayenera kutsata mmene ndimeyo ikunenera. Chenjerani ndi wogula amene wabwera ndi pepala latsopano ati "tingosaina kuti dzina langa lioneke." Kusintha dzina sikufuna mgwirizano watsopano, kalata imodzi ndi yokwanira. Mukasaina latsopano, lakale lafa, ndipo latsopanolo likhoza kukhala ndi lendi yokwera ndi notisi ya mwezi umodzi.

Nthawi ikatha wogula sakakamizidwa kuwonjezera. Mukapitiriza kukhala iye n'kumalandira lendi popanda pepala lina, mwasanduka mlendi wa nthawi ndi nthawi amene angapatsidwe notisi tsiku lililonse.

Akubweretsa anthu odzaona nyumba pafupifupi tsiku lililonse. Ndingakane?

Nyumba ya lendi ndi khomo lanu. Eni nyumba akhoza kudzayendera pa nthawi yoyenera atakudziwitsani, koma osati kutsegula ndi kiyi wawo inu muli kuntchito, kapena kutumiza madobadoba kudzajambula kuchipinda. Njira yabwino si kukaniratu, chifukwa wogula ameneyo mwina adzakhala landilodi wanu. Apatseni masiku, monga Loweruka m'mawa ndi tsiku limodzi pakati pa sabata, ndi kuti azikuuzani dzulo lake.

Nyumba yagulitsidwa ndi banki chifukwa cha ngongole. Ufulu wanga ndi womwewo?

Pamenepa chofunika ndi chimene chinayamba. Ngati munalowa banki isanakole nyumbayo, banki inaipeza ndi mlendi, ndipo wogula ku okushoni amakupezaninso chimodzimodzi. Ngati ngongole inayamba ndipo inu munalowa pambuyo, mapepala a ngongole kawirikawiri amaletsa mwini nyumba kuika mlendi popanda chilolezo cholembedwa cha banki. Ngati chilolezocho sichinapemphedwe, lendi yanu ikhoza osamanga banki kapena wogula, ndipo chotsala n'kusumira eni nyumba akale, amene mwina alibenso kanthu. Mukaona chidziwitso cha okushoni mu nyuzipepala kapena kalata ya maloya a banki yafika pakhomo, alembereni msanga, muwatumizire kope la mgwirizano, ndipo lekani kulipiratu miyezi yambiri.

Samalaninso ngati nyumba mukukhalayo ndi ya Malawi Housing Corporation ndipo amene mumamutcha landilodi nayenso ndi mlendi wa bungwelo. Iye alibe nyumba yoti agulitse, ndipo ngati anakulowetsani popanda chilolezo cha bungwelo, pepala lanu silimanga mwini weniweni.

Asintha maloko, adula madzi, akuti mawa achotsa malata. Ndichite chiyani?

Mwini nyumba, wakale kapena watsopano, amene akufuna kuchotsa mlendi wokana ayenera kupita kukhoti, apeze chigamulo, ndipo amene amadzatulutsa munthu ndi masherifu atanyamula chikalata cha khoti. Kubwera ndi anyamata, kuzula chitseko, kusasula denga, kapena kutseka madzi kuti mutope, ndi kuphwanya ufulu wanu wokhala mwamtendere, ndipo kuswa kapena kutaya katundu wanu ndi mlandu wa kupolisi.

Musabwezere ndi manja. Jambulani zonse, lembani tsiku ndi nthawi, itanani mnansi aone. Kanenani ku polisi ya dera lanu, mutenge nambala ya lipoti. Apolisi akhoza kuletsa chiwawa koma sagamula za mgwirizano, ndipo akakuuzani kuti "ingotulukani, nyumba ndi ya eni ake," amenewo ndi maganizo chabe, si chigamulo. Tsiku lomwelo onanani ndi loya kuti alembe kalata yowachenjeza, ndipo ngati sakumva apemphe chiletso ku Khoti Lalikulu ku Chichiri, chifukwa makhoti a majisitireti sapereka chiletso. Amene sangakwanitse loya wolipira apite ku Legal Aid Bureau, ofesi yawo ilipo mu Blantyre. Pa chiletso liwiro ndi lofunika, popeza khoti limafunsa chifukwa chimene munakhalira masabata atatu ngati nkhaniyo inalidi yachangu.

Ngati akutulutsani kale, mukhoza kusuma kuti akulipireni zimene mwataya: lendi yolipiratu, dipoziti, kusiyana kwa lendi pa miyezi yotsala, ndalama zosamukira, ndi katundu wowonongeka. Khoti limawerengera zimene zili ndi umboni, choncho sungani lisiti ya lole, ya malo amene munagona usiku umenewo, ndi ya kalipentala amene anakonza kabati yosweka. Musumire amene anakutulutsaniyo, ndipo ngati wogulitsa analonjeza wogula kuti nyumba idzakhala yopanda munthu akudziwa kuti lendi yanu sinathe, loya wanu amuphatikize nayenso pa mlanduwo.